Kakonzedwe ka rubuliki ndi kalozera wochongera ntchito yaikulu ya phunziro

Teremu iliyonse ndikalandira ophunzira zauphunzitsi amene abwera kudzayeserera kuphunzitsa pasukulu pathu, funso limene salephera kundifunsa ndi lakuti, "Aphunzitsi, kodi kalata kapena chimangirizo mumachonga bwanji kuti malikisi akhale achilungamo?" Masamu savutika nawo, chifukwa yankho likakhala 48 ndiye kuti ndi 48 basi. Koma akangolandira mulu wa makope a kalata, cholembera chofiira chimayamba kuyenda motsatira mtima, ndipo mwana akabwera kudzafunsa chifukwa chimene wapezera 11 pamene mnzake wapeza 15, mphunzitsi amasowa pogwira. Ndafotokoza nkhaniyi pakamwa kambirimbiri, choncho ndaganiza zoilemba kamodzi, ndi chitsanzo chimodzi chimene tichitsate kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Tiyambe tamvana pa mawu awiri, poti ambiri amawasokoneza. Rubuliki ndi mlingo umene umafotokoza m'mawu mmene ntchito imaonekera pa gawo lililonse la kakhonzedwe, kuyambira yabwino kwambiri mpaka imene mwini wake akufunika thandizo. Kalozera wochongera, amene m'chipinda cha aphunzitsi timangoti makingi kiyi, ndi pepala limene limanena yankho loyembekezeka, malikisi a chinthu chilichonse, ndiponso chochita mwana akayankha mwa njira imene simunaiyembekezere. Rubuliki imagwira ntchito pa zinthu zimene zimasiyana ubwino wake, pamene kalozera amagwira ntchito pa zinthu zimene zilipo kapena palibe. Ntchito zambiri zolemba zimafuna zonse ziwiri papepala limodzi.

Chitsanzo chathu ndi phunziro la Chichewa la Sitandade 7, kalasi ya ophunzira 90, ndipo mutu wake ndi kalata yantchito.

1. Sankhani ntchito imodzi imene phunziro lonse likulozako

Chiyambire kusintha kwa maphunziro a pulayimale kumene kunayamba kulowa m'makalasi mu 2007, chikonzero cha phunziro chimakhala ndi zizindikiro za kakhonzedwe, zimene zimanena zomwe ophunzira akhale atatha kuchita. M'phunziro limodzi mumakhala ntchito zingapo, monga kukambirana m'magulu, kuwerenga kalata yachitsanzo ndi kuyankha mafunso apakamwa, koma rubuliki siilembedwera zonsezo. Yang'anani chizindikiro chimene chili cholemera kuposa zinzake, ndipo mufunse kuti ndi ntchito iti imene mwana aichite yekha kuti muone ngati wachifikira. M'phunziro lathu chizindikirocho ndi chakuti ophunzira alemba kalata yantchito molondola. Kutchula magawo a kalata ndi makwerero chabe okafikira pamenepo, ndipo sikufunika rubuliki.

2. Lembani funso lenilenilo, kenaka muliyankhe nokha

Funso losalongosoka limabala rubuliki yosalongosoka. Mukangolemba pabolodi kuti "Lembani kalata kwa aphunzitsi aakulu", mudzalandira makalata 90 a nkhani 90, wina wodandaula za phala, wina wothokoza chifukwa cha mpira, ndipo simudzapeza muyeso umodzi wowayesera onse. Funso lathu likhale motere: "Agogo ako agonekedwa m'chipatala ndipo makolo akupempha kuti ukawathandize kwa masiku awiri. Lemba kalata kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yako yopempha chilolezo. Utchule chifukwa chake, masiku amene sudzakhalapo, ndi zimene udzachite pa maphunziro amene akupite. Kalatayo isapitirire mizere khumi ndi iwiri."

Mukatero, tengani pepala ndi kulemba kalatayo inuyo, mukuyang'ana nthawi. Ngati inu mwatenga mphindi zisanu, mwana adzatenga pafupifupi khumi ndi zisanu kapena kuposerapo, ndipo muyenera kuona ngati zimenezo zikukwana m'piriyodi pamodzi ndi kuphunzitsa kwenikweniko. Kalata yanuyo ndi imene ikuonetseni zinthu zomwe funso likufunadi, ndipo nthawi zina ikuonetsani kuti mumafuna kupereka malikisi pa chinthu chimene simunachifunse n'komwe.

3. Sankhani zoyesa zochepa, ndipo mulekanitse zowerenga ndi zoyeza

Zoyesa zisapitirire zinayi. Aphunzitsi atsopano amakonda kulemba zisanu ndi zitatu, kuphatikizapo ukhondo wa kope ndi kukongola kwa dzanja, koma rubuliki yotere imathera m'kabati ikangogwira ntchito kamodzi. Pa kalata yathu ndasankha maonekedwe a kalata, uthenga, chiyankhulo choyenera kalata yantchito, ndi kalembedwe ka mawu pamodzi ndi zizindikiro zake.

Tsopano pa chilichonse dzifunseni ngati chingawerengedwe ndi chala kapena chiyenera kuyezedwa ndi maganizo. Maonekedwe amawerengedwa, chifukwa tsiku lilipo kapena palibe. Zolakwika za kalembedwe nazonso zimawerengedwa. Ziwiri zimenezi zipite mu kalozera. Uthenga ndi chiyankhulo sizingawerengedwe choncho, pakuti mwana akhoza kutchula chifukwa koma mosamveka, ndipo zimenezi ndi zomwe zimafuna magawo a rubuliki.

4. Gawani malikisi motsatira cholinga cha phunziro

Ine ndimakonda kuti onse akhale 20, popeza kuchulukitsa ndi 5 kumapereka peresenti mosavuta. Maonekedwe ndawapatsa 6, uthenga 8, chiyankhulo 4, ndipo kalembedwe 2. Wina adzadandaula kuti malikisi awiri ndi ochepa pa kalembedwe, koma kumbukirani kuti lero simukuyesa lembetso. Ndaonapo makalata amene uthenga wake unali womveka bwino atapatsidwa 6 pa 20 chifukwa mphunzitsi amachotsa theka la malikisi amodzi pa mpumiro uliwonse wosowa mpaka malikisi ambiri anatha. Mwana woteroyo amabwerera kunyumba akuganiza kuti sadziwa kulemba kalata, chonsecho chimene sadziwa ndi poika mpumiro.

5. Lembani mawu ofotokoza gawo lililonse

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodutsapo. Mwina munaonapo rubuliki imene gawo 4 limati "uthenga wabwino kwambiri", gawo 3 "uthenga wabwino", gawo 2 "uthenga wabwino pang'ono", gawo 1 "uthenga wosakhala bwino". Pepala loterolo silinanene kanthu, chifukwa funso lakuti wabwino ndi wotani lidakali m'mutu mwa wochonga, ndipo limayankhidwa mosiyana m'mawa ndi madzulo, asanadye ndi atadya. Mawu ofotokoza gawo ayenera kutchula chinthu chimene mungachiloze ndi chala papepala la mwana.

Ndimagwiritsa ntchito magawo anayi, ofanana ndi amene timalemba pa malipoti a ophunzira kuyambira 4 kutsika mpaka 1, ndipo ndili ndi chifukwa china chowakondera. Magawo akakhala atatu kapena asanu pamakhala lapakati, ndipo wochonga akatopa amangotayira aliyense pamenepo. Akakhala anayi mumakakamizika kugamula ngati mwanayo wafika pa muyeso kapena sanafike.

Musayambe ndi gawo lapamwamba. Yambani ndi gawo 3, limene ndi ntchito ya mwana amene wachita zomwe phunziro limafuna, osaposa, osaperewera. Dzifunseni kuti, mphunzitsi wamkulu atalandira kalatayi, ayenera kupezamo chiyani kuti apereke yankho popanda kuitanitsa mwanayo? Ayenera kuona kuti akupemphedwa, adziwe chifukwa, adziwenso masiku. Choncho gawo 3 la uthenga, la malikisi 5 kapena 6, likuti kalata ili ndi pempho lomveka, chifukwa, ndi masiku otchulidwa, koma mfundo ya maphunziro omupita palibe kapena yangokhudzidwa mosamveka.

Kuchokera pamenepo tsikani ku gawo 2, chifukwa malire a pakati pa 3 ndi 2 ndi amene amafunika kwambiri m'rubuliki yonse. Gawo 2, la malikisi 3 kapena 4, likuti nkhani ya kudwala kwa agogo yatchulidwa, koma pempho kapena masiku palibe, moti wolandira kalata sangayankhe asanafunse. Onani kuti kusiyana kwa magawo awiriwa sikuli pa kuchuluka kwa mawu. Kuli pa funso limodzi lakuti kalatayo ingagwire ntchito yake kapena ayi. Gawo 4, la malikisi 7 kapena 8, likuti mfundo zonse zinayi zilipo, zayalidwa mwa dongosolo loti pempho likuoneka msanga, ndipo mulibe nkhani zina zosakhudza pempholo. Gawo 1, la malikisi 1 kapena 2, likuti mwana walemba zokhudza sukulu kapena agogo, koma cholinga cha kalatayo sichikudziwika. Ziro musungire pepala lopanda kanthu kapena lokopera funso lokha.

Popeza gawo lililonse lili ndi malikisi awiri oti musankhepo, lembani lamulo lake pansi pa rubuliki, kuti musamaganize mwatsopano pa kope lililonse. Langa limati apamwambawo aperekedwe ngati zonse zotchulidwa m'gawolo zamveka powerenga kamodzi, ndipo apansiwo ngati ndachita kubwereza kuwerenga kuti ndizipeze.

Chiyankhulo chilembedwe mwa njira yomweyo, gawo lililonse malikisi ake ofanana ndi nambala ya gawolo. Pa gawo 3, mwana wagwiritsa ntchito mawu aulemu monga "ndikupempha" ndi "inu" m'kalata yonse, ziganizo zake n'zathunthu, ngakhale kuti pena wabwereza mawu. Pa gawo 2, muli mawu a kalata yamchezo monga kufunsa za moyo ndi kupereka moni kwa apabanja, kapena akuuza m'malo mopempha. Pa gawo 4, ulemu ulipo ndipo ziganizo zalumikizidwa ndi mawu monga "chifukwa", "choncho" ndi "ndikadzabwerako". Pa gawo 1, mawu angondandalikidwa osapanga ziganizo, kapena mwana wamutchula mphunzitsi wamkulu kuti "iwe".

Pali zolakwika ziwiri zimene ndimazipeza kawirikawiri pa sitepe imeneyi. Choyamba ndi kulowetsa chinthu chatsopano pakati pa magawo, mwachitsanzo gawo 4 kunena za dzanja lokongola pamene magawo enawo sanatchulepo za dzanja. Magawo onse a choyesa chimodzi ayenera kukamba za chinthu chimodzi chomwecho, chikukula kapena chikuchepa. Chachiwiri ndi kulemba gawo 1 ndi mawu okana okhaokha, "sanachite ichi, sanachite icho". Mwana wa pa gawo limeneli ndi amene akufunitsitsa kudziwa poyambira, ndiye gawo lake linene chimene wachita, ngakhale chichepe bwanji.

Ngati muli ndi makope a kalasi ya chaka chatha, atulutseni musanalembe mawu amenewa. Sankhani makalata khumi ndi awiri, muwayale patebulo m'milu inayi motsatira mmene mukuwaonera, kenaka mudzifunse chimene chili m'mulu uwu chomwe mulibe m'mulu winawo. Mawu ochokera m'makope enieni amagwira ntchito kuposa amene mwawapeka muli phee panyumba, chifukwa ana amalakwitsa m'njira zimene munthu wamkulu sangaziganizire.

6. Lembani kalozera, pamodzi ndi zigamulo za milandu yovuta

Pa maonekedwe, perekani malikisi amodzi pa chilichonse mwa zisanu ndi chimodzi izi: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje oyenera, mutu wa kalata, ndi mathero okhala ndi dzina la wolemba. Pa kalembedwe, musawerenge kalata yonse, chifukwa mwana wolemba zambiri angalangidwe kuposa wolemba mizere itatu. Werengani zolakwika m'mizere isanu yoyambirira ya thunthu la kalata. Zikakhala ziwiri kapena kucheperapo apeze 2, zikakhala kuyambira zitatu mpaka zisanu apeze 1, zikapitirira pamenepo asapeze kanthu.

Kalozera wabwino amadziwika ndi zigamulo zimene walemberatu. Kodi keyala yolembedwa mbali yolakwika ipeze malikisi? Ine ndimati ayi, ngati malo ake ndinawaphunzitsa. Kodi mwana akalemba "Lachiwiri ndi Lachitatu" osatchula deti, watchula masiku? Ndimati inde, chifukwa funso silinafune deti. Nanga cholakwika chimodzi chikabwerezedwa kanayi? Chiwerengedwe kamodzi. Chigamulo chimenechi n'chofunika kwambiri pa zilembo za l ndi r, pamene lamulo la kalembedwe limati r azitsatira e kapena i, monga mu "ndiri" wa m'mabuku akale ndi "bwera", ndipo ana ambiri amalemba "bwela" paliponse. Mwana amene sadziwa lamulo limodzi asalangidwe ngati sadziwa malamulo anayi. Ganiziraninso ana amene kunyumba amayankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo mugamule pasadakhale kuti liwu lakwawo likalowa m'kalata koma tanthauzo likumveka, mulilembe mzere kunsi ndi kuliwerenga pa kalembedwe pokha, osalichotseranso malikisi pa uthenga. Cholakwika chimodzi chisalipitsidwe pa zoyesa ziwiri.

7. Yesani pepalalo ndi mnzanu musanalikhulupirire

Tengani makope asanu, awiri ooneka abwino, awiri apakati ndi limodzi lofooka. Chongani pa pepala lapadera, osalemba m'makopemo, kenaka mupatse mphunzitsi mnzanu makope omwewo ndi rubuliki, popanda kumufotokozera chilichonse pakamwa. Mukasiyana ndi malikisi amodzi kapena awiri pa 20, palibe chodetsa nkhawa. Mukasiyana ndi atatu kapena kuposa, musakangane za mwanayo, koma funani liwu la m'rubuliki limene aliyense walimva mwa njira yake.

Izi zinandichitikira ndi kalata ya mtsikana wina, imene thunthu lake linali lotere: "Muli bwanji aphunzitsi, ine ndili bwino. Ndafuna ndikudziwitseni kuti sindibwela kusukulu chifukwa agogo adwala ali kuchipatala ndiye amayi akuti ndipite ndikawathandize kuphika. ndikabwelako ndidzakopela notsi kwa anzanga." Ine ndinapereka 3 pa uthenga, mnzanga anapereka 6. Iye anaona kuti mwanayo wafotokoza bwino chifukwa, watchulanso za notsi zimene ana ambiri anaziiwala, ndipo chifundo chinamugwira. Ine ndinaona kuti mulibe pempho ndipo mulibe masiku. Titabwerera ku rubuliki yanga yoyamba tinapeza kuti vuto linali langa, pakuti ndinali nditalemba kuti gawo 3 ndi la kalata yokhala ndi "mfundo zambiri", ndipo mnzangayo sanalakwe kuwerenga kuti mfundo ziwiri zofotokozedwa bwino n'zambiri. M'pamene ndinasintha mawuwo n'kutchula pempho, chifukwa ndi masiku mayina awo.

Ndi rubuliki yokonzedwayo, kalata ija inayenda motere. Pa maonekedwe inapeza 4, popeza munalibe keyala ya wolandira ndi mutu. Pa uthenga inakhala pa gawo 2 ndi malikisi 4, apamwamba a gawolo, chifukwa zimene zinalipo zinamveka powerenga kamodzi. Pa chiyankhulo inapeza 2, chifukwa cha moni wa kalata yamchezo ndiponso kudziwitsa m'malo mopempha. Pa kalembedwe tinawerenga zolakwika zitatu, l m'malo mwa r amene tinamuwerenga kamodzi, chilembo chaching'ono poyamba chiganizo, ndi mfunsiro wosowa pa moni uja, choncho inapeza 1. Onse pamodzi anakwana 11 pa 20, amene ndi 55 peresenti. Chimene chinandikondweretsa n'chakuti ndemanga yolemba m'kope inadzitulukira yokha kuchokera m'gawo lotsatira: "Wafotokoza bwino chifukwa. Tsopano pempha chilolezo, ndipo utchule masiku."

8. Aonetseni ophunzira asanayambe kulemba

Rubuliki si chinsinsi cha mphunzitsi. Ilembeni mwachidule pa tchati kapena pakona ya bolodi m'mawu a ana, monga "Kodi ndapempha? Kodi ndanena chifukwa? Kodi ndatchula masiku? Kodi ndanena za maphunziro ondipita?" Sikofunika kuwapatsa magawo onse anayi, gawo 3 ndi gawo 4 n'zokwanira. Aphunzitsi ena amaopa kuti kutero n'kuwauza mayankho, koma mwana amene waona mafunsowa ayenerabe kupanga yekha ziganizo zake, ndipo luso limene mukuyesa ndi lomwelo.

Chidutswa cha kalozera chokhudza maonekedwe chingachongedwe ndi ana okhaokha. Asinthane makope awiriawiri, inu muzitchula chinthu chimodzichimodzi, iwo azichonga ndi pensulo ndi kulemba chiwerengero pamwamba. Uthenga ndi chiyankhulo musawasiyire, chifukwa pamenepo ubwenzi ndi udani wa pabwalo zimalowerera.

9. Chongani mwa dongosolo limene thupi lanu lingakwanitse

Makope 90, lililonse mphindi ziwiri, ndi maola atatu, ndipo palibe amene amachonga kope la 80 ndi maso amene anachongera loyamba. Gawani muluwo patatu. Musanayambe, sankhani makope atatu amene mwagwirizana ndi mnzanu uja kuti ndi a gawo 2, gawo 3 ndi gawo 4, muwaike pambali potsegula, ndipo mukayamba chigawo chatsopano muyambe mwawawerenganso. Pindani chikuto kuti musaone dzina, popeza dzina la mwana amene amakhoza nthawi zonse limakoka dzanja kuti liwonjezere, ndipo la wovuta m'kalasi limalikoka kuti lichotse. Mukakumana ndi yankho limene kalozera sanaliganizire, gamulani, lembani chigamulocho pansi pa kalozera nthawi yomweyo, ndipo mubwerere ku makope amene mwachonga kale kukaona ngati munalibe lina lofanana nalo.

M'buku la malikisi musalembe chiwerengero chonse chokha. Jambulani mizati inayi, umodzi pa choyesa chilichonse, ndi wachisanu wa zonse pamodzi. Mukamaliza, yendetsani chala kutsika mzati uliwonse ndi kuwerenga ana amene ali pa gawo 2 kapena pansi. Mukapeza kuti oposa theka la kalasi agwa pa uthenga chifukwa chosowa pempho, phunziro la mawa liyambe ndi mphindi khumi zosintha ziganizo zodziwitsa kukhala zopempha, "sindibwera" asanduke "ndikupempha kuti mundilole", kenaka abwezereni makope alembenso ndime yoyamba yokha. Mukapeza kuti pafupifupi onse apeza malikisi onse pa maonekedwe, chaka chamawa muchepetse malikisi a pamenepo kuchoka pa 6 kufika pa 4 pophatikiza makeyala awiri ndi tsiku kukhala chinthu chimodzi, ndipo awiri otsalawo muwapititse ku kalembedwe. Lembani kusinthako pa pepala lomwelo la rubuliki, ndi deti lake, musanalibwezere mu fayilo ya masikimu.